Mmene mungayankhire pa intavyu ya anthu angapo osasiya wina kumbali

Nthawi iliyonse imene mabungwe ndi maofesi a boma ayamba kuitana anthu ku mayeso a ntchito, ana a abale anga, achinyamata a kumpingo ndi ena amene angomva kuti ndinagwirapo ntchito mu ofesi yoona za antchito amabwera kwathu ku Katoto ndi funso limodzi lomwelo: "Bambo, akakhala anthu anayi kapena asanu ondifunsa, ndiziyang'ana ndani, nanga ndiziyankha ndani?" Ndayankha funso limeneli pakhonde, pafoni ndi panjira yochokera kutchalitchi, ndipo nthawi zonse ndimazindikira pambuyo pake kuti ndaiwalako china. N'chifukwa chake ndaganiza zolilemba kamodzi, mwadongosolo, monga ndinalionera ndili mbali ya ofunsa.

Tiyambe tamvana pa mawu. Intavyu ndi mayeso apakamwa amene munthu amakumana nawo akasankhidwa pa mndandanda wa ochepa, umene m'maofesi amautcha shotilisiti. Panelo ndi gulu la anthu amene amakhala pamodzi kufunsa ofuna ntchito mmodzimmodzi, ndipo kawirikawiri amakhala atatu mpaka asanu. Wapampando, amene ena amati tcheyamani, ndi amene amatsegula, kupereka mpata kwa anzake ndi kusunga nthawi. Ma intavyu ambiri a ntchito za muofesi amachitika m'Chingerezi, koma zitsanzo zanga ndazilemba m'Chichewa chifukwa chimene ndikufuna kuti mugwire ndi kayendetsedwe ka yankho, osati mawu oti muloweze.

1. Dziwani kaye mmene malikisi amapezekera

Zonse zimene zikutsatira zakhazikika pa mfundo imodzi imene ofuna ntchito ambiri saidziwa. Pa panelo yoyendetsedwa bwino, aliyense wa ofunsa amakhala ndi pepala lakelake lokhala ndi mafunso onse, ndipo amapereka malikisi pa yankho lililonse, ngakhale funsolo sanafunse ndi iye. Munthu womaliza akatuluka, mapepala aja amawasonkhanitsa n'kuphatikiza malikisi. Ndiye kuti funso limachokera pakamwa pa munthu mmodzi, koma yankho lanu limaweruzidwa ndi onse.

Taonani zimene zimachitika pa funso la malikisi 10 pamaso pa anthu anayi. Munthu woyamba walankhula ndi wapampando yekha, wamusangalatsa, ndipo wapampando wamupatsa 9, koma atatu enawo, amene sanamve chilichonse chokhudza mbali yawo, amupatsa 5 aliyense. Zonse pamodzi ndi 24. Munthu wachiwiri sanadabwitse aliyense, koma aliyense wamva kuti yankho lamufikira, ndipo onse anayi amupatsa 7. Zonse pamodzi ndi 28. Manambalawa ndangowasankha kuti muone masamu ake, koma umu ndi mmene munthu amene anatuluka akuti "bwana wamkulu anandikonda" amadzadabwira kuti kalata yapita kwa wina.

2. Fufuzani za ofunsa tsiku lisanafike

Akakuimbirani foni kapena kukutumizirani uthenga wokuitanani, si kulakwa kufunsa mwaulemu kuti intavyuyo idzatenga nthawi yaitali bwanji, padzakhala anthu angati, ndiponso ngati padzakhala mayeso olemba. Mwina sangakuuzeni mayina, ndipo musawaumirize, chifukwa kufunsitsa mayina a ofunsa kumaoneka ngati mukufuna kukalowera kuseri. Chimene mukufuna ndi maudindo awo, ndipo amenewa mungathe kuwaganizira nokha powerenga chilengezo cha ntchito.

Pafupifupi nthawi zonse pamakhala mkulu wa dipatimenti imene mukagwiremo, amene akufuna kudziwa ngati ntchitoyo mukuidziwadi. Pamakhalanso wa ku ofesi yoona za antchito, amene khutu lake lili pa khalidwe, kutsatira malamulo ndi kukhala bwino ndi anzanu. Ntchito ikakhala yokhudza katundu kapena ndalama, pamabwera wa ku ofesi ya zachuma. Ku boma, kumene ntchito zambiri zimadutsa m'makomishoni monga Civil Service Commission, Teaching Service Commission ndi Health Service Commission, mungapeze anthu ochokera kunja kwa ofesi imene mukagwireko, amene sakukudziwani konse ngakhale mwakhala mukugwira ntchito mongodzipereka pamalopo.

Tengani pepala, lembani maudindo amenewa, ndipo pansi pa udindo uliwonse lembani chinthu chimodzi chimene munthu wotero amaopa kwa wantchito watsopano. Kenako konzani nkhani zitatu kapena zinayi zoona za ntchito imene munagwirapo, zokhala ndi malo, nthawi ndi zotsatira. Nkhani zochepa zodziwika bwino zimaposa mayankho makumi awiri oloweza, chifukwa nkhani imodzi mungathe kuitembenuzira kwa aliyense wa ofunsa.

Za ulendo sindichulukitsa. Mukudziwa nokha kuti mvula ya ku Mzuzu kuno sichedwa kubwera ndipo imachedwa kusiya, ndiye ngati mukuchokera ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa pa kabaza, ikani masatifiketi m'pepala la pulasitiki, ndipo mufike mphindi 30 nthawi isanakwane kuti mupukute nsapato ndi kupuma.

3. Kulowa, moni ndi mapu a mayina

Mukalowa, imani pamene onse angakuoneni, perekani moni umodzi kwa onse, maso anu akuyenda kuchokera mbali ina ya tebulo kufika mbali inayo, ndipo dikirani kuti akuuzeni kukhala. Nkhani ya chanza ndi iyi: musayambe ndinu, koma wapampando akatambasula dzanja, mupatseni, ndipo ngati enawo ali pafupi moti n'zotheka, apatseni onse. Cholakwa chimene ndachiona kambiri ndi kupereka chanza kwa abambo awiri akuluakulu n'kungogwedezera mutu mayi kapena mnyamata amene wakhala kumapeto. Ndi bwino kusapereka chanza kwa aliyense kusiyana ndi kusankha.

Mpando ukakhala wolunjika kwa wapampando yekha, khalani mwa njira yoti muthe kuona amene ali kumalekezero onse awiri potembenuza mutu ndi mapewa pang'ono. Envelopu ya mapepala muiike pamiyendo kapena pambali, isatchinge pakati pa inu ndi iwo.

Wapampando akamatchula anzake, apa ndi pamene muyenera kutchera khutu kwambiri, ngakhale ndi nthawi imene mtima ukugunda koposa. Pemphani chilolezo cholemba, ndipo lembani mayina motsatira mmene anthuwo akhalira, kuyambira kumanzere kwanu kupita kumanja, dzina lililonse ndi udindo wake mwachidule. Amenewa ndiwo mapu anu. Dzina likakudutsani, gwirani udindo, chifukwa kunena kuti "monga afunsira mayi a ku zachuma" n'kwaulemu ndithu, pamene kutchula munthu ndi dzina la mnzake kumamukhumudwitsa. Munthu akatchulidwa kuti Dokotala kapena Pulofesa, monga zimachitikira kawirikawiri ku Mzuni kapena ku chipatala chachikulu, mutchuleni choncho mpaka kumapeto. Ndipo musagawe ulemu ndi maso anu, kuti uyu ndi bwana chifukwa cha imvi, uyo ndi achimwene chifukwa ndi wamng'ono. Nthawi zambiri wamng'onoyo ndi amene adzakhale mkulu wanu wa tsiku ndi tsiku.

4. Maso: yambani ndi wofunsa, yenderani ena, bwererani kwa wofunsa

Apa ndi pamene pamavuta, ndipo malangizo ambiri amangodutsapo ndi mawu akuti muziyang'ana onse, ngati kuti n'chinthu chapafupi. Ambiri a ife tinaleredwa kuti mwana waulemu sayang'anitsitsa wamkulu m'maso, amaweramitsa mutu ndi kutsitsa mawu. Khalidwe limeneli ndi labwino kumudzi ndi pamaso pa apongozi, ndipo sindikunena kuti mulitaye. Koma m'chipinda cha intavyu, munthu amene akuyankha akuyang'ana pa tebulo amamveka movutikira, ndipo ofunsa amalemba kuti sakudzidalira, ngakhale iwo eni analeredwa chimodzimodzi. Ena, pofuna kuthawa cholakwa chimenechi, amagwera m'china, maso awo amangothamanga uku ndi uku ngati munthu amene akufuna kuwoloka msewu pa depoti, ndipo palibe amene amamva kuti walankhulidwa naye.

Njira imene ndimaphunzitsa ili ndi magawo atatu. Pamene funso likufunsidwa, yang'anani wofunsayo yekha, mutembenukire kwa iye, ndipo musayambe kuyankha asanamalize. Chiganizo choyamba cha yankho lanu, chimene chiyenera kukhala yankho lenileni mwachidule, chipite kwa iye. Kenako, pamene mukufotokoza, sunthani maso kupita kwa wina, ndipo mukhale naye mpaka mutamaliza ganizo limodzi lathunthu, chiganizo chimodzi kapena ziwiri, musanapite kwa wotsatira. Pomaliza, bwererani kwa amene anafunsa ndipo mutsekere yankho pa iye. Kubwerera kumeneku ndi chizindikiro chakuti mwamaliza, ndipo kumakupulumutsani ku mawu omangira opanda pake monga "basi ndi zomwezo".

Chinsinsi chake n'chakuti maso amasuntha pamene ganizo latha, osati pakati pa chiganizo. Ngati kuyang'ana m'maso kukukulemerani, yang'anani pamphumi kapena pakati pa nsidze, chifukwa munthu amene ali kutsidya kwa tebulo sangasiyanitse. Yankho lalifupi, monga la funso lakuti mungayambe liti ntchito, lipite kwa wofunsa yekha, palibe chifukwa choyendera onse ndi mawu asanu. Ndiponso simukakamizidwa kufika kwa aliyense pa yankho lililonse. Pa gulu la anthu asanu, kufikira awiri kapena atatu pa yankho limodzi n'kokwanira, bola pa yankho lotsatira muyambire amene anatsala.

Pali anthu atatu amene amakoka maso molakwika. Woyamba ndi wapampando, chifukwa mantha amatiuza kuti mphamvu zili kwa iye. Ndaonapo kangapo mayi wa pa panelo akufunsa funso, woyankha n'kutembenukira kwa bambo wapampando ndi kumuyankha iyeyo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Woyankhayo sanadziwe n'komwe kuti wachita zimenezo, koma mayiyo anaona, ndipo enafe tinaona, ndipo funso limene linatsala m'mitima yathu linali lakuti kodi munthuyu adzamvera mkulu wake akadzakhala wamkazi. Wachiwiri ndi amene akumwetulira ndi kugwedeza mutu, chifukwa munthu wamantha amathawira kumene kuli nkhope yabwino, n'kukhazikika komweko. Amene uja mwamupeza kale, ndipo malikisi amene mukuwasowa ali kwa enawo. Wachitatu ndi amene amakankha maso m'malo mowakoka, amene wangoti zii, nkhope yosasintha, akulemba. Musaganize kuti wakudani kapena kuti ndi mlembi chabe. Kawirikawiri iye ndi amene akulemba mawu anu enieni, ndipo pokambirana pambuyo pake anzake amadalira zimene walemba. Lankhulani naye ngakhale ataweramira pepala, makutu ake ali kwa inu.

Zimenezi sizibwera pongowerenga. Ikani mipando inayi pabalaza, khazikanipo abale kapena anzanu, mmodzi muuzeni kuti azingolemba osadzutsa mutu, wina azimwetulira, ndipo azikufunsani mosinthana. Mukamaliza, funsani aliyense kuti ndi kangati kamene anamva kuti mukulankhula naye. Amene anganene kuti sanamve n'kamodzi komwe wakuonetsani mbali imene khosi lanu silitembenukira.

5. Yankho limodzi likhale ndi gawo la aliyense

Maso okha sakwanira. Mungathe kuyang'ana wa zachuma bwinobwino, koma ngati m'mawu anu mulibe chimene iye akufuna kumva, cholembera chake sichiyenda. Luso lenileni ndi kugwirizanitsa ziwirizi, kuti pamene mukunena mfundo yokhudza mbali ya munthu, ndi pamenenso mukumuyang'ana. Tiyeni tione chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto.

Tinene kuti mayi wina wa ku Chibavi wafunsira ntchito yosunga katundu ku bungwe lina la zaulimi limene lili ndi nyumba yosungiramo katundu ku Luwinga. Kumanzere kwake kwakhala bambo wa ku zachuma, kenako wapampando, kenako mayi woyang'anira nyumba ya katunduyo, ndipo kumapeto kuli bambo wa ku ofesi ya antchito amene sanalankhulepo chilowereni. Mayi woyang'anira katundu akufunsa kuti: "Khadi la katundu likuonetsa kuti pali matumba 120 a feteleza a makilogalamu 50, koma mutawerenga mwapeza 112. Mungachite chiyani?"

Yankho lofooka, limene ndalimva kambirimbiri, ndi lakuti: "Ndingakauze abwana nthawi yomweyo chifukwa ine ndine munthu wokhulupirika." Si bodza, koma yankholi lapita kwa wapampando, ndipo silinaonetse ntchito iliyonse. Yankho labwino limayenda motere.

Mayi wa ku Chibavi uja, akuyang'ana mayi amene wafunsa funsolo, akuti: "Zikomo, mayi. Choyamba ndingaimitse kutulutsa feteleza ameneyu, n'kuwerenganso pamodzi ndi mnzanga wina, mulu ndi mulu, chifukwa matumba 8 angathe kubisika ngati milu sinasanjidwe mofanana. Akapezekabe 112, ndingabwerere pa khadi kuyambira tsiku limene tinawerenga komaliza, n'kufananitsa mzere uliwonse ndi mapepala olandirira ndi otulutsira katundu." Mayi woyang'anira katundu uja wamva kuti munthuyu akudziwa kuti kusiyana kotere nthawi zambiri kumachokera pa katundu amene anatuluka koma sanalembedwe, kapena pa kuphonya pochotsera.

Kenako akutembenukira kwa bambo wa zachuma: "Sindingasinthe nambala pa khadi kuti igwirizane ndi zimene ndapeza. Matumba 8 ndi makilogalamu 400, ndipo ndingalembe kusiyanako pamodzi ndi mtengo wake, kuti kusintha kulikonse m'mabuku kuchitike ndi chilolezo cholembedwa." Ichi n'chimene wa zachuma amaopa koposa, wosunga katundu amene amakonza manambala yekha mwakachetechete.

Akupita kwa bambo wachete uja wa kumapeto: "Sindingaloze chala mlonda kapena onyamula katundu ndisanapeze umboni, chifukwa kutchula munthu kuti ndi wakuba popanda umboni kumawononga mbiri yake ndi mgwirizano wa pantchito. Ndingalembe zimene ndapeza ndi amene anali ndi makiyi masiku amenewo, n'kusiyira oyenera kuti afufuze motsatira malamulo a bungwe." Bamboyo sanafunse kanthu, koma wapeza chimene anabwerera.

Akudutsa kwa wapampando ndi chiganizo chimodzi chonena kuti lipoti lingafike kwa akuluakulu tsiku lomwelo, ndipo akubwerera kwa mayi amene anafunsa: "Ndipo kuti zisachitikenso, mayi, ndingamalembe pa khadi nthawi yomweyo katundu akamatuluka, osadikira madzulo, ndi kuwerenga katundu woyenda msanga ngati ameneyu sabata iliyonse." Apa wasiya, wakhala chete.

Yankho lonseli silikwana mphindi ziwiri. Onani kuti mayiyu sanayankhe mafunso anayi, wayankha funso limodzi, ndipo gawo lalikulu lapita kwa mwini funso. Chenjezo langa lili pomwepa: musakakamize. Funso likakhala lopapatiza, monga lakuti katundu woyamba kulowa amatuluka liti, musalowetsemo za malamulo a antchito pofuna kusangalatsa wa kumapeto, chifukwa onse adzaona kuti mukuzungulira. Gawo la ena limalowa pokhapokha ngati nkhaniyo ikuwakhudzadi, ndipo mafunso ofunsa kuti mungachite chiyani, kapena kuti fotokozani nthawi imene munakumana ndi vuto, pafupifupi onse amawakhudza. Samalaninso ndi mayina. Kutchula munthu kamodzi kapena kawiri pa intavyu yonse n'kokoma, koma kutchula dzina pa chiganizo chilichonse kumamveka ngati mukunyengerera.

6. Mafunso akawombana

Panelo ndi anthu, ndipo sayenda mwadongosolo nthawi zonse. Zimachitika kuti wina wafunsa, musanatsegule pakamwa mnzake n'kuwonjezerapo lake. Musasankhe funso la amene akuoneka wamkulu n'kutaya linalo. Nenani poyera mmene muyendere: "Ndiyamba ndi funso la mayi, kenako ndibwera ku la bambo." Lembani liwu limodzi papepala lanu lokukumbutsani funso lachiwiri, chifukwa mukamaliza loyamba mudzakhala mutaliiwala. Mukaiwaladi, pemphani kuti alibwereze. Palibe amene amachotsa malikisi chifukwa chopempha kubwereza kamodzi, koma kuyankha funso limene silinafunsidwe kumachotsetsa.

Wina akakudulani pakati pa yankho, imani pomwepo, mumvetsere, muyankhe mwachidule, kenako mubwerere kwa woyamba uja ndi mawu akuti, "Ndimalize mfundo ija ndinayamba." Kukweza mawu kuti mupitirize ndi kulakwa, ndipo kusiyiratu yankho loyamba ndi kulakwanso, chifukwa mwini wake atsala ndi mpata wopanda malikisi papepala. Koma wapampando akanena kuti nthawi yatha, tipite kwina, musalimbane naye.

Nthawi zina munthu amafunsa chinthu chimene mwayankha kale. Mawu akuti "monga ndanena kale" musawatulutse, chifukwa amamveka ngati mukumuuza kuti samamvetsera. Mwina anali kulemba, mwina yankho loyamba silinamukhutiritse, mwinanso akufuna kuona ngati musinthe mawu. Yankhani mofanana ndi poyamba, koma muwonjezere chitsanzo chatsopano chokhudza mbali yake. Chimene chimagwetsa anthu apa ndi kuuza aliyense zimene akuganiza kuti akufuna kumva. Munthu amauza wa ku ofesi ya antchito kuti ndi wokonzeka kukagwira ku Chitipa kapena ku Likoma, patapita mphindi khumi n'kuuza mkulu wa dipatimenti kuti sangachoke mu Mzuzu chifukwa cha sukulu ya ana. Onse amva zonse ziwiri, ndipo chimene chalembedwa n'chakuti mawu ake ndi osadalirika.

Chovuta kwambiri ndi pamene ofunsa awiri akuoneka kuti sakugwirizana, ndipo akufuna kuti inu mugamule. Pa chitsanzo chathu chija, mayi woyang'anira katundu anganene kuti alimi akudikira panja ndipo feteleza ayenera kutuluka, pamene wa zachuma akuti palibe chotuluka popanda siginecha. Musaseke, musayang'ane wapampando kuti akupulumutseni, ndipo musayankhe kuti onse akunena zoona n'kusiyira pomwepo. Vomerezani nkhawa ya aliyense mukumuyang'ana, kenako nenani chimene mungachite: kuti simungatulutse katundu popanda chilolezo, koma mungaimbire foni wosainayo nthawi yomweyo, kupempha chilolezo cholembedwa ngakhale pa uthenga wa pafoni ngati malamulo a bungwe amalola, ndi kuwafotokozera alimiwo chimene chikuchedwetsa. Mwatenga mbali, koma simunanyoze wina.

Kuno kumpoto palinso nkhani ya chilankhulo. Wina wa pa panelo angakulonjereni kapena kukufunsani m'Chitumbuka, m'Chitonga kapena m'Chichewa, makamaka ngati ntchitoyo ndi yokumana ndi anthu kumudzi, ndipo kawirikawiri akufuna kumva ngati mungathe kulankhula ndi anthuwo. Yankhani m'chilankhulo chimene wafunsira ngati mukuchidziwa, koma kumbukirani kuti pa tebulopo pangakhale wina wochokera ku Lilongwe kapena kunja kwa dziko amene sakumva. Mukamaliza, bwerezani mfundo yaikulu m'chiganizo chimodzi m'chilankhulo chimene intavyu inayambira, mukuyang'ana iyeyo. Ngati chilankhulocho mumangochimva pang'ono, nenani zoona, chifukwa mwini chilankhulo amazindikira pa mawu atatu oyamba.

Mzuzu ndi mzinda umene anthu amadziwana, ndiye musadabwe kupeza pa panelo munthu wa kumpingo kwanu kapena amene anakuphunzitsani ku sekondale. Mupatseni moni wofanana ndi wa ena onse, musamutchule kuti amalume kapena aphunzitsi, ndipo musakhazikitse maso pa iye. Mukaonetsa kuzolowerana naye mumamuika pamalo ovuta, moti angakakamizike kukuchepetserani malikisi kuti anzake asamukayikire. Ngati ndi wachibale weniweni, udindo wonena zimenezo kwa wapampando ndi wake, koma mukafunsidwa ngati mukudziwana ndi wina aliyense, yankhani zoona.

Ngati intavyu ikuchitikira pa Zoom kapena Teams, ofunsa ali ku Lilongwe inu muli kuno, maso sangathe kugwira ntchito imene tafotokoza ija, chifukwa aliyense amaona kuti mukumuyang'ana pokhapokha mukayang'ana kamera. Pamenepo mayina ndi maudindo ndi amene amalowa m'malo mwa maso, ndipo mungawatchule kochulukirapo. Dikiraninso kamphindi wofunsa akamaliza, chifukwa netiweki imachedwetsa mawu ndipo n'kosavuta kudulana.

7. Mafunso anu ndi kutsanzika

Kumapeto wapampando adzafunsa ngati muli ndi funso. Konzani awiri, ndipo muwapereke kudzera kwa iye, koma limodzi likhale loti ayankhe ndi wina: "Kudzera kwa inu, wapampando, ndifunse mayi oyang'anira katundu kuti vuto lalikulu limene munthu wolowa ntchitoyi adzakumane nalo m'miyezi itatu yoyamba ndi lotani." Funso lachiwiri lingakhale lofunsa nthawi imene zotsatira zidzatuluke. Za malipiro dikirani kuti ayambitse okha, ndipo akayambitsa, yankho lipite kwa wa ku ofesi ya antchito kapena amene wafunsayo, ndi nambala imodzi imene mwaiganizira kale.

Akakumasulani, sonkhanitsani mapepala anu mosathamanga, onetsetsani kuti masatifiketi enieni akubwezerani, imirirani, ndipo muthokoze onse monga munawalonjera polowa, maso akuyenda kuchokera kumalekezero ena kufika ku enawo, osaiwala wachete uja. Mukatuluka, musafotokozere amene akudikira pabenchi mafunso amene mwafunsidwa, chifukwa iwonso akafunsidwa omwewo ndipo malikisi awo akayerekezedwa ndi anu. Mukafika kunyumba, lembani mafunso onse pamene mukuwakumbukira, ndipo pambali pa funso lililonse mulembe amene analifunsa ndi amene munamuyang'ana poyankha. Mukapeza kuti pali mpando umodzi umene sukuoneka pa mndandandawo, muuike pakati penipeni mukamadzayesereranso pabalaza.